Chitaka cha Mayi Wamatimati

Mayi wina wa mumpingo mwathu, wogulitsa matimati pamsika, anandipeza akulira. Akuti, "Abusa, ndipempherereni. Pali wina akundibera ndi chitaka." Anali atamuloza kale mnzawo wa benchi yoyandikana nayo.

Tinapemphera ndithu. Titati ameni, ndinawafunsa, dengu mumaoda zingati? K30,000. Likatha mumapeza zingati? K38,000, pa masiku atatu. Ndiye kuti phindu ndi K8,000. Nanga limalowera kuti? Mayi aja zii.

Ndinatenga kope la mwana wasukulu n'kujambula mizere yotsika, zigawo zinayi: tsiku, zolowa, zotuluka, zapita kuti. Ndinati, amayi, chilichonse chochoka m'chitenjemo muzilemba pompopompo, osadikira madzulo, mutu umanama.

Dengu litatha anabwera nalo kope lija. Tamverani bwino. Kabaza wonyamula dengu, K1,500. Chiphaso cha msika masiku atatu, K900. Tchipisi chamasana, K3,000. Mayunitsi, K600. Matimati amene alamu awo anatenga pangongole, ngongole yake ija yosabwezedwa, K2,000. Mwawonkhetsa? K8,000, phindu lonse psiti! Ndipo pansi pake panali K2,500 ya usipa wakunyumba. Imeneyo inachoka kumpamba, abale anga. Dengu lotsatira akanapita nayo K27,500, yosakwana.

Anayang'ana kope lija nthawi yaitali, kenaka anati, "Abusa, ndiye mnzanga uja ndamunamizira." Mawa lake anakamupepesa. Anayamba kutenga mbatata yophika kunyumba, ndipo alamu anawauza kuti matimati ndi ogula. Alamuwo mpaka lero moni akuyankha mokoka.