Kusimba Zakale m'Cisipanishi: Anagogoda, Kapena Anali Kugogoda?

M'phunziro la lero tiona cinthu cimodzi cimene cimapunthwitsa ophunzira Cisipanishi ambiri, ngakhale iwo amene afika kale patali. Cinenero cimeneci cili ndi njira ziwiri zazikulu zosimbira zimene zinacitika kale. Eni ace amacha yoyamba pretérito indefinido, ndipo yaciwiri amaicha pretérito imperfecto. Ife tidzangonena kuti indefinido ndi imperfecto.

Tiyambe ndi maonekedwe ace, mwacidule. Mneni hablar atanthauza kulankhula. Mu indefinido timati hablé, ndinalankhula, ndi habló, analankhula. Mu imperfecto timati hablaba, ndipo liu limodzi lomweli liimira ndinkalankhula ndiponso ankalankhula. Mneni comer, kudya, apereka comí ndi comió mbali yina, ndi comía mbali yinayo. Samalirani kamzere kali pamwamba pa habló. Kasonyeza kuti mau agwere kumapeto. Mukaacititsa kugwera kuciyambi, munena hablo, ndiko kuti ndilankhula, ndipo mwasintha nthawi ndi munthu womwe. Imperfecto njosavuta kuloweza, pakuti aneni atatu okha ndiwo satsata lamulo: ser apereka era, ir apereka iba, ndipo ver apereka veía. Bvuto lenileni lili pa kusankha.

Inu olankhula Cinyanja muli ndi poyambira pabwino, cifukwa khutu lanu lizindikira kale kusiyana kwa anapita ndi ankapita kapena anali kupita. Indefinido ionetsa nchito yathunthu, yokhala ndi malire ace, yotha. Imperfecto itilowetsa m'kati mwa nchito ili cicitikire, osatiuza pamene inayambira kapena pamene inathera. Tamvani kankhani aka.

Eran las seis de la mañana. Llovía. María preparaba el café cuando alguien llamó a la puerta. Abrió y vio a su hermano. Llevaba una maleta y estaba cansado. Entró, se sentó y no dijo nada.

M'Cinyanja tingati: Inali sikisi koloko m'mawa. Mvula inali kugwa. Maria anali kukonza khofi pamene munthu wina anagogoda pa citseko. Anatsegula, naona mlongo wace. Iye anali atanyamula sutukesi, ndipo anali wotopa. Analowa, nakhala pansi, koma sananene kanthu.

Tsono tiyeni tidutsemo pang'onopang'ono. Eran, llovía ndi preparaba ali mu imperfecto. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa aneni atatuwa amene asuntha nkhani. Angotiuza m'mene zinthu zinaliri: nthawi, mvula, ndi nchito imene inali m'manja mwa Maria. Pamenepo padza llamó, anagogoda, ndipo nkhani yayamba kuyenda. Abrió ndi vio atsatira, cina pambuyo pa cinzace. Kenaka wosimba aima kuti tione mlendoyo, ndipo abwerera ku imperfecto, llevaba ndi estaba. Sutukesiyo anali nayo citseko cisanatseguke, ndipo kutopa kwace sikunayambe pamene Maria anamuona. Atatha kumuonetsa, nkhani iyendanso ndi entró, se sentó, no dijo. Ngati mukayika pa mneni wina, dzifunseni funso ili: kodi ndinganene kuti "kenaka" patsogolo pace? Ngati mungatero, kawirikawiri indefinido ndiyo yoyenera.

Onani cimene cicitika mukasintha liu limodzi lokha. Mukanena kuti María preparó el café cuando alguien llamó, munthu wa ku Sipeni kapena ku Mekisiko sadzamva kuti mwalakwa galamala ai. Adzamva nkhani yina, yakuti munthu anayamba wagogoda, ndipo pamenepo Maria anakonza khofi. Kulakwa kwa mtundu umenewu nkoopsa cifukwa palibe wokudzudzulani. Womvera angokhulupirira cimene simunafune kunena.

Pali lamulo lina limene ophunzira amauzana, lakuti nchito yaifupi itenga indefinido ndipo yaitali itenga imperfecto. Lamulo limeneli litayeni, pakuti lasokeretsa ambiri. Francisco Franco analamulira dziko la Sipeni kuyambira 1939 kufikira imfa yace mu 1975, ndizo zaka 36. Imeneyi si nthawi yaifupi. Komabe Cisipanishi citi Franco gobernó España durante treinta y seis años, ndi indefinido, cifukwa zakazo zawerengedwa ndipo malire ace achulidwa. Koma tikafuna kunena zimene zinali kucitika m'kati mwa ulamulirowo, timati Cuando Franco gobernaba, muchos españoles emigraban a Francia y a Alemania, ndiko kuti, pamene Franco anali kulamulira, anthu ambiri a ku Sipeni ankapita kukakhala ku Falansa ndi ku Jeremani. Ulamuliro ndi womwewo, zaka ndi zomwezo. Casintha ndi pamene wolankhula waima, kunja kwa nyengoyo kapena m'kati mwace.

Cimodzimodzinso ndi cizolowezi. De niño iba al mercado todos los sábados atanthauza kuti ndili mwana ndinkapita ku msika Loweruka lililonse. Sitinawerenge maulendowo, tangonena khalidwe la masiku aja. Koma Fui al mercado tres veces, ndinapita ku msika katatu, atenga indefinido ngakhale nchitoyo inabwerezedwa. Mwawerenga, ndipo powerenga mwatseka.

Kufikira pano Cinyanja catiperekeza bwino, koma pali malo pamene citisiya tokha. Ife timati anali, basi, pamene Cisipanishi cifuna kuti tisankhe. Anali wodwala pamene ndinafika ndi Estaba enfermo cuando llegué. Sitidziwa ngati anacira, mwina akali gone. Koma anali wodwala masiku atatu ndi Estuvo enfermo tres días, ndipo pamenepa matendawo anatha. Cifukwa cace musathamangire kuika estaba kapena era paliponse pamene m'mutu mwanu mwamva anali. Yang'anani ngati m'ciganizomo muli malire a nthawi. Ponena nthawi ya koloko kapena msinkhu wa munthu m'nkhani, imperfecto ndiyo yozolowereka, monga eran las seis uja, kapena tenía diez años, anali ndi zaka khumi.

Aneni ena ocepa aonetsa kusiyanaku moonekeratu, kotero kuti powamasulira tifunika mau osiyana. Sabía la verdad atanthauza kuti ndinali kudziwa coonadi. Supe la verdad aloza mphindi imene ndinacidziwa, monga pamene wina anandiululira. Conocía a su madre, ndinali kuwadziwa amai ace, koma conocí a su madre, ndinaonana nawo koyamba. Mabuku ena amati aneniwa asintha tanthauzo. Ine ndiona kuti lamulo ndi lomwe lija. Kudziwa kulibe mapeto oonekera, tsono indefinido igwira malire amene alipo, ndiwo ciyambi cace.

Mneni querer, kufuna, ngwoyenera kusamala naye polankhula za anthu. No quería venir anena za mtima wokha, kuti sanali kufuna kubwera, ndipo nkotheka kuti potsiriza anabwera ndithu. No quiso venir anena kuti anakana, ndipo sanabwere. Mukafunsidwa cifukwa cace mnzanu sanaoneke pa ukwati, liu limene musankhe lingathe kumcinjiriza kapena kumneneza.

Tisanakumanenso, lembani kankhani ka mizere isanu ndi umodzi ka tsiku limene mlendo anafika kwanu mosayembekezeka. Mukatha, fufutani aneni onse a imperfecto ndi kuwerenga zotsala. Zocitika zonse ziyenera kupezeka m'dongosolo lace, kuyambira pa kugogoda kufikira pa kutsanzika. Ngati cina casowa, mneni wace munamuika mu imperfecto molakwa, ndipo mubwerere kwa iye. Tsalani bwino.