Kuimitsa zolipira za womwalira: banja liyambire pati?

Mawu awa anakambidwa pa msonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'dera, ndipo asindikizidwa pano kuti afikenso kwa amene sanakhalepo.



Mwambo wa maliro ukatha, banki ndi kampani ya inshuwalansi zimakhala zisanamve kuti munthu watisiya. Ngati malemu analamula banki kuti izidula ndalama mwezi ndi mwezi, kudulako kumapitirira mpaka wina atakanena. Mabanja ambiri akazindikira zimenezi amathamangira kukalemba kalata yoti zonse ziimitsidwe. Changucho n'chomveka, koma pa inshuwalansi chikhoza kutayitsa ana amasiye ndalama zambiri kuposa zimene zikudulidwazo.

Tiyerekeze mphunzitsi wopuma pa ntchito amene ankadulidwa K8,000 pa mwezi ya inshuwalansi ya maliro, yoteteza iye mwini, mkazi wake ndi ana awiri. Wamwalira mu Malichi, ndipo banja laona mu Julaye kuti akaunti yadulidwa kanayi, K32,000. Mayi wamasiye asalembe kuti akuthetsa panganolo. Alembe kuti akudziwitsa kampani za imfa, akupempha ndalama za maliro zimene panganolo linalonjeza, ndiponso akupempha kuwerengeredwa zimene zadulidwa chichitikireni imfayo. Afunsenso ngati iye ndi ana akadali otetezedwa, popeza mapangano ena amalola wotsala kupitiriza kulipira m'dzina lake. Akathetsa n'kuyamba pangano latsopano, kawirikawiri amadikiranso miyezi ingapo chitetezo chisanayambe. Kuchedwa nakonso n'koopsa, chifukwa mapangano ambiri amaika malire a nthawi yodziwitsira kampani za imfa, ndipo malirewo amalembedwa m'chikalata cha panganolo.

N'chifukwa chake ndi bwino kuyamba ndi lipoti la akaunti la miyezi itatu kapena chikalata cha malipiro, kuti zodulidwa zonse zioneke. Banki ikadziwitsidwa za imfa imaimitsa akauntiyo, ndipo zolipira zonse zimaima pamodzi, kuphatikizapo zoteteza amoyo. Banja lisabisire banki kapena kutapa ndalama ndi khadi la malemu. Lingokonzeratu njira ina yolipirira zimene likufuna kuti zipitirire.

Pa zikalata, kampani imayamba yafunsa satifiketi ya imfa, imene imaperekedwa ndi bungwe la kalembera la NRB kudzera ku ofesi yake ya pa boma. Imfa ikachitikira kuchipatala, fomu imayambira komweko. Ikachitikira kumudzi, mfumu ndiyo imachitira umboni. Kampani imafunanso chiphaso cha unzika cha malemu ndi cha wopemphayo, nambala ya pangano, fomu yake yodzazidwa, ndi nambala ya akaunti yolandirira. Pa imfa ya ngozi pamafunika lipoti la apolisi, ndipo pa inshuwalansi ya moyo nthawi zambiri amafunsanso chikalata cha dokotala chonena chimene chinapha munthuyo. Banja lizipereka makope otsimikizidwa ndi chidindo cha majisitireti kapena loya, lisunge zikalata zenizeni, ndipo kalata iliyonse yoperekedwa ikhale ndi kope lodindidwa tsiku limene yalandiridwa.

Chimene chimabweza anthu ambiri pakhomo la ofesi ndi dzina. Malemu analembetsa inshuwalansi ndi dzina la kusukulu, koma pa chiphaso pali mfunda kapena kalembedwe kena. Zikatero kampani imafuna kalata yolumbirira kuti mayina onsewo ndi a munthu mmodzi, ndipo n'kwanzeru kuikonzeratu kusiyana n'kulipira galimoto kawiri.

Amene analembedwa m'pangano kuti ndiye adzalandire amapatsidwa ndalamazo mwachindunji. Ngati palibe amene analembedwa, kapena iyenso anamwalira, ndalamazo kawirikawiri zimalowa m'chuma cha masiye, ndipo pamafunika chikalata chopereka mphamvu yoyendetsa chumacho, motsatira lamulo la chuma cha masiye la 2011. Ofesi ya DC imalangiza kumene banja lingachipeze. Kukhala malume kapena mwini mbumba sikulowa m'malo mwa chikalatachi.

Zina n'zopepuka. Kanema wa DStv wolipiriratu amangozima yekha mwezi ukatha, pokhapokha ngati banki ndiyo inkalipira. Akaunti ya madzi kapena ya ESCOM siyofunika kutseka ngati banja likukhalabe m'nyumbamo. Imangofunika kusintha dzina. Simukhadi ya malemu isatayidwe kapena kupatsidwa mdzukulu, chifukwa mwina muli ndalama za Airtel Money kapena Mpamba, ndiponso mauthenga a zodulidwa amafikira momwemo.

Kampani ya inshuwalansi ikakana kulipira, banja lipemphe kuti chifukwa chake chilembedwe. Ndi kalata imeneyo likhoza kukadandaula ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira makampani a inshuwalansi ndi mabanki m'dziko muno.