Kusungitsa Ana kwa Mbale

Mayi wa ku Namitete amene wapatsidwa ntchito ya Loweruka ndi Lamulungu pa chipatala cha St. Gabriel's asatume mwana kukampemphera kwa mkulu wake, pakuti kutero n'kupeputsa. Apite yekha Lachitatu, alonjerane, kenaka anene kuti, "Akulu, ndadza kudzapempha kuti mundisungire adzukulu a amayiwa masiku awiri."

Pokawasiya atenge ufa, nyemba, sopo ndi chofunda, makamaka m'mwezi wa Febuluwale pamene nkhokwe zambiri zimakhala zopanda chimanga. Asiyenso mabuku a ana a kuchipatala, ndipo anene kumene angapezeke ngati mwana atatentha thupi usiku. Nthawi yodzawatenga aitchule ndi kuisunga, pakuti mkulu wakeyo nayenso munda ukumdikira Lolemba m'mawa.