Mau Ofanana Nkhope Koma Osiyana Mtima



Nditapita kukaphunzira ku Jeremani ndidadalira kwambiri Chingerezi, poti zinenero ziwirizi ndi zapachibale. Tsiku lina ndidapereka tiyi wa ku Thyolo kwa mayi amene ndinkakhala m'nyumba mwao, ndipo ndidati, "Ein Gift für Sie." Mayiwo adandiyang'ana modabwa, osalandira. Abale anga, m'Chijeremani "Gift" ndi poizoni! Mphatso amati "Geschenk".

Pambuyo pake ndidamva gwero lake. M'zinenero zonse ziwiri mauwa adachokera ku mneni wotanthauza kupatsa. Kwa Angerezi adakhalabe mphatso. Kwa Ajeremani adayamba kutanthauza muyezo wa mankhwala opatsa munthu, kenaka mankhwala akupha. Tanthauzo lakale lidatsalira m'mau akuti "Mitgift", chuma chimene mkwatibwi amapita nacho kubanja.

Msampha wina ndi "bekommen". Sikusanduka monga "become" ayi, koma kulandira. Mwana wanu akafuna kudzakhala dokotala anene kuti, "Ich will Arzt werden."

Choncho mau akaoneka ngati mukuwadziwa kale, ndiye poyenera kutsegula dikishonale. Botolo lolembedwa "Gift" musalilawe.