Kapepala ka Zolakwa za Mlembi Mmodzi

Mawu olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi ku Lundazi

Mphunzitsi wa kumudzi sakonza makope a ana okha. Kwa iye kumabweranso makalata a komiti ya makolo, malipoti opita kwa mfumu, ndi zolengeza za ku tchalitchi. Ndipo kawirikawiri zonsezi zimatuluka m'dzanja la munthu mmodzi, chaka ndi chaka. Nkhani ya lero ndi ya mphunzitsi wina amene anakonza makalata a mlembi mmodzi kwa miyezi yambiri, nalola cholakwa chachikulu kudutsa m'manja mwake, ndi chimene anachita pambuyo pake kuti chisadutsenso.

Mlembiyo anali bambo wachikulire, wa dzanja lokongola, wosachedwa pa msonkhano. Chilankhulo cha kwawo chinali Chitumbuka, monga momwe ziliri ndi anthu ochuluka a kuno ndi a ku Chasefu. Koma makalata a sukulu ankawalemba m'Chinyanja, pakuti ndicho chilankhulo cha sukulu m'Chigawo cha Kum'mawa, ndiponso ena a makolo anali Achewa a kwa Mwase. Kalata iliyonse ankaibweretsa kwa mphunzitsi isanatumizidwe. Mphunzitsi ankawerenga kamodzi, nakonza zimene diso lake lagwa pa izo, nabwezera mwini wake.

Tsiku lina komiti inatumiza lipoti la njerwa za chipinda chatsopano. M'menemo munali mzere wonena za mudzi wina, wakuti: "Anthu a m'mudzimo akapereka njerwa 3,000." Mphunzitsi sanaonepo kanthu, chifukwa mawu onse anali a Chinyanja, ndipo palibe chilembo chimene chinasowa. Mfumu itamva lipotilo, inatumiza uthenga wofulumiza mudzi uja kuti ukapereke njerwa zake. Koma njerwazo zinali zitaperekedwa kale, ndipo zinali zounjikidwa kuseri kwa sukulu. Anthu anakwiya, nati komiti yadya thukuta lawo; ndipo mlembi, amene sananame ngakhale pang'ono, ndiye anasenza manyazi.

Chinachitika n'chiyani? M'Chitumbuka kachigawo ka -ka- m'kati mwa mneni kamanena za zinthu zimene zinachitika kale. Mtumbuka akanena kuti ŵakapereka, ndiye kuti anapereka. M'Chinyanja kachigawo komweko kamaloza kutsogolo: akapereka ndiye kuti adzapita kukapereka, kapena pamene adzapereke. Mlembi anachotsa ŵ wa kwawo, monga anaphunzira kusukulu, koma nthawi ya mneni anaisiya ya Chitumbuka. Cholakwa chotere sichioneka kwa munthu wosaka zilembo zokhota. Chimaoneka kwa iye yekha amene akudziwiratu kuti mlembi uyu amachichita.

Mphunzitsi anatenga makalata onse a mlembiyo amene anasungidwa mu ofesi, ndipo anapezeka 12, ali ndi zokonza zake za inki yofiira. Anatenga tsamba lapakati la kope, naligawa m'mizere itatu yotsika. Mu mzere woyamba analemba mawu monga momwe mlembi anawalembera, osasintha kanthu. Mu wachiwiri, mawu oyenera. Mu wachitatu, nambala ya kalata imene anawapezamo. Sanalembe kuti "kalembedwe koipa" kapena "galamala," pakuti mawu otere sauza diso chimene liyenera kufuna. Analemba kuti siku, zina, vinthu. Ntchitoyo inamutengera madzulo awiri.

Mzere wachitatu uja ndiwo umene anthu ambiri angaulumphe, koma ndiwo wosiyanitsa kupunthwa ndi chizolowezi. Munthu wotopa akhoza kulemba liwu limodzi kawiri, kapena kuiwala chilembo chomaliza. Zimenezo sizibweranso, ndipo kuziika pa mndandanda n'kungoutalikitsa. Mphunzitsi anadziikira lamulo lakuti cholakwa chilowe pa mndandanda pokhapokha chitapezeka m'makalata atatu osiyana. Kupezeka katatu m'kalata imodzi sikukwanira, chifukwa mwina tsiku limenelo mlembi anali ndi malungo.

Atatero anayamba kusonkhanitsa zofanana. Siku m'malo mwa tsiku, sono m'malo mwa tsono, samba m'malo mwa tsamba, zina m'malo mwa dzina: poyamba zinaoneka ngati zolakwa zambirimbiri, koma gwero lake ndi limodzi. Chitumbuka chilibe ts ndi dz za Chinyanja, kotero khutu la mlembi limamva s ndi z, ndipo dzanja limatsata khutu. Zonsezo zinasanduka mzere umodzi. Mzerewu ndi wonyenga, chifukwa samba ndi zina ndi mawu enieni a Chinyanja okhala ndi tanthauzo lawolawo, ndipo diso lothamanga limawalandira monga alendo odziwika. Momwemonso vinthu, vipatso ndi vitseko zinalowa mu mzere umodzi wa vi- m'malo mwa zi-. Ndipo na m'malo mwa ndi anakhala mzere wachitatu. Wachinayi sunali wa chilankhulo konse: mlembi ankaiwala kulemba tsiku la msonkhano, ngakhale malo ndi nthawi ankazilemba bwino.

Ndipo pamene anawerenganso makalata onse akufuna -ka- yekha, anampeza kanayi m'makalata atatu. Paliponse panalibe inki yofiira. Miyezi yonseyo anali atakonza zazing'ono mokhulupirika, chachikulu chikudutsa pansi pa mphuno yake.

Apa pali nzeru imene iyenera kuyamikiridwa. Ts ndi dz zinali zolakwa zochuluka koposa zonse, pakuti zinapezeka m'makalata 11 mwa 12 aja. Munthu wina akanaziika pamwamba. Mphunzitsi anaika -ka- pamwamba, tsiku la msonkhano pachiwiri, ndi zilembo zija pansi. Chifukwa kholo lowerenga siku limamvabe chimene chikunenedwa, koma nthawi ya mneni ikatembenuka, mudzi wonse umaimbidwa mlandu. Mndandanda uyenera kutsata kukula kwa ngozi, osati kuchuluka kwa mawerengedwe. Choyamba chimawerengedwa maso akadali akuthwa, ndipo ngati belu lilira ntchito isanathe, chotsala chimakhala chopepuka.

Panali chinthu chimodzi chimene anachilemba poyamba, kenaka nachifafaniza. Mlembi ankalemba cifukwa ndi cipinda, ndi c yekha. Mphunzitsi, amene anazolowera mabuku ochokera kutsidya kwa malire, anali atawonjezera h kangapo. Koma chimenecho si cholakwa. Buku Lopatulika la 1922 linasindikizidwa ndi c, ndipo kalembedwe kamene Unduna wa Maphunziro wa Zambia unavomereza mu 1977 kanasunga c yemweyo. Ku Malawi, kumene chilankhulochi chinatchedwa Chichewa kuyambira 1968, ndiko kumene malamulo a 1973 anakhazikitsa ch. Munthu wokhala ku Lundazi, pafupi ndi Mzimba ndi Kasungu, amaona kalembedwe konse kawiri, ndipo n'kosavuta kuyesa chizolowezi chake lamulo. Chofunika pa kalata ya komiti n'chakuti isasakanize ziwirizo. Ndipo pa makope a ana, mphunzitsi atsate buku la m'kalasi.

Tsono mndandanda unatsala ndi mizere 5, nukwana pa kapepala kochepa ngati chikhatho, kamene anakamata m'kati mwa chikuto cha kaundula. Kachulukirapo, mwina kufika 15, kakanangokhala chokongoletsa, popeza palibe munthu wa ntchito zambiri angawerenge kalata imodzi kakhumi n'kasanu.

Kagwiritsidwe kake nako kali ndi njira. Kalata ikafika, mphunzitsi amaiwerenga koyamba kapepala kali kotseka, monga kholo limene silinakhalepo pa msonkhano, akudzifunsa ngati wamva chimene akufunsidwa kuchita. Pambuyo pake amatsegula kapepala, nadutsa m'kalatamo kamodzi pa mzere uliwonse. Pofuna -ka- amaika chala pa mneni aliyense, nafunsa ngati chinthucho chinachitika kale kapena chidzachitika. Ngati sakudziwa, sakonza mongoganiza; amafunsa mlembi, chifukwa si -ka- aliyense ali wolakwa, ndipo kusandutsa akapereka woona kukhala anapereka n'kupanga bodza latsopano. Pofuna s ndi z amayambira ku mzere wotsiriza kubwerera m'mbuyo, kuti tanthauzo la nkhani lisamukoke. Kalata ya tsamba limodzi imatha m'mphindi zosafika khumi.

Kuwerenga koyamba kuja sikuyenera kusiyidwa. Kapepala kamangodziwa zolakwa za dzulo. Munthu wokadalira kokha amasanduka ngati mlenje wodikira pa njira imodzi, nyama ikudutsa kuseri kwa chulu.

Chinatsala ndi kumuuza mwini wake, ndipo ichi chinali chovuta kuposa zonse, pakuti mlembi anali wa msinkhu wa atate ake a mphunzitsi. Sanamuonetse kapepala konse, ndipo sananene pamaso pa komiti. Anapita kunyumba kwake madzulo, nati, "Bambo, ndabwera kuti mundithandize. Mzere uja wa njerwa ndinauwerenga ine, ndipo sindinauone. Kodi m'Chitumbuka mukadaunena bwanji?" Mkuluyo anaunena, naima pang'ono, naseka, nati, "Aphunzitsi, ndiye kuti ndakhala ndikulemba Chitumbuka chovala malaya a Chinyanja." Kuyambira pamenepo -ka- anayamba kumugwira yekha asanabweretse kalata. Za ts ndi dz anauzidwa patapita mwezi.

Makalata 5 otsatizana atadutsa opanda -ka- wolakwa, mphunzitsi anatsitsa mzerewo kuuika pansi, koma sanaufafanize, chifukwa chizolowezi chimabwerera munthu akalemba mothamanga. Ndipo m'kalata ina munatuluka chinthu chatsopano: matsiku, ndi matsamba. Mlembi anali atagwira phunziro la ts mwamphamvu, nayamba kumuika ngakhale pamene Chinyanja chenicheni chimamutaya. Pakuti tsiku likachuluka ndi masiku, ndipo tsamba ndi masamba. Cholakwa chimenechi chinabadwa ndi kukonza kwa mphunzitsi mwini. Anachilemba pa tsamba la kope lija pamodzi ndi nambala ya kalata, ndipo chitaoneka m'kalata yachitatu anachikweza pa kapepala, pansi penipeni pa mzere wa ts ndi dz.