Mau Atatu ndi Khomo Limodzi

Lero tikambirana za kabokosi kamene kamaoneka pa kompyuta kapena pa foni pamene munthu afuna kugawira anzace kalata yosungidwa mu Google Drive. Kalata yotere, imene tiicha fayilo, ikhala pa makina akutali, ndipo tiifikira pa intaneti. Mukakanikiza pa liu lakuti Share, kabokosiko kakufunsani mafunso awiri: ndani alowe, ndipo atalowa acite ciani?

Tiyerekeze kuti mphunzitsi wa ku Katete walemba mafunso a masamu a Giredi 7, ndipo afuna kuti mnzace wa ku Tete, m'dziko la Mozambique, awaone. Onse awiri alankhula Cinyanja, koma akaunti ya woyambayo iri m'Cingerezi, ya winayo m'Cipwitikizi. Pamene wina awerenga Viewer, Commenter ndi Editor, mnzace awerenga Leitor, Comentador ndi Editor. Mau asintha, koma mphamvu zace ndi zomwezo, ndipo mndandanda wace susintha: woyamba ali ndi mphamvu yocepa, wotsiriza yaikuru.

Tsono cherani khutu, pakuti pano ndi pamene ambiri amapunthwa. Viewer ndiye kuti woona, Leitor ndiye kuti wowerenga, ndipo munthu akamva mau amenewa aganiza kuti mlendoyo angoyang'ana cabe, monga mwana ayang'ana pa bolodi. Si tero ai. Ngati mwini sanaletse, woonayo akhoza kukopera fayilo yonse m'foni yace, kuisindikiza pa pepala, kapena kudzipangira yaceyace. Cimene sangathe ndi kusintha zolemba zanu. Womasulira sanalakwe, liu limodzi silingasenze zonsezi m'cinenero ciriconse.

Commenter, kapena Comentador, aloledwa kulemba ndemanga m'mbali ndi kupereka maganizo a pokonza, koma zolembazo sizisintha kufikira mwini kapena mkonzi atabvomereza. Kwa mphunzitsi wa ku Tete uja, udindo woyenera ndi umenewu.

Editor ndi nkhani ina. Iye alemba, afafaniza, ndiponso, ngati simunaletse, akhoza kuitana anthu ena ndi kuwapatsa maudindo inu osadziwa. Ine ndimati kupatsa munthu udindo umenewu kuli ngati kumpatsa coko pamodzi ndi makiyi a kalasi. Zoletsa ziwirizi, ca kukopera ndi ca kuitana ena, muzipeza mukakanikiza kacizindikiro konga gudumu la mano kamene kali pamwamba pa bokosi.

Tibwere ku khomo. M'munsi mwa bokosi muli mbali yochedwa General access. Ikakhala pa Restricted, m'Cipwitikizi Restrito, mudzaona cithunzi ca loko, ndipo alowa okhawo amene mwawaika m'ndandanda ndi maimelo ao. Wina aliyense akatsegula linki, auzidwa kuti ayambe wapempha cilolezo. Koma mukasankha Anyone with the link, ndiye kuti Qualquer pessoa com o link, loko asanduka cithunzi ca dziko lapansi. Mukaiwala mau acilendowo, kumbukani zithunzi ziwirizi, cifukwa izo sizimasuliridwa.

Tinene kuti mphunzitsi wathu anafulumira. Anasankha Anyone with the link, pambali pace naika Editor, natumiza linkiyo pa WhatsApp. Iye m'mtima mwace anati “aliyense” ndi aliyense amene ndamtumizira. Koma makina safunsa kuti linki wakupatsa ndani. Mnzace uja akaitumiza ku gulu la aphunzitsi, wina m'gululo naipereka kwa mwana wace wa Giredi 7, mwanayo alowa, awerenga mafunso, ndipo akhoza kufafaniza funso lacisanu limene lambvuta, osalowa nkomwe mu akaunti iriyonse.

Nanga mwini adziwa bwanji? Akatsegula kalatayo mu Google Docs, pamwamba aona tizithunzi ta nyama tokhala ndi maina oyamba ndi liu lakuti Anonymous. Kanyama kalikonse ndi munthu amene ali m'kati nthawi yomweyo, walowera pa linki, ndipo dzina lace silioneka.

Kukonza kwace nkotere. Abwezere khomo pa Restricted, ndipo linki yakale ija ileka kutsegulira alendo. Alembe imelo ya mnzace wa ku Tete, amsankhire Commenter. Funso lofafanizidwa alibweza kucokera mu Version history, mmene musungidwa maonekedwe akale a kalatayo. Ayang'anenso foda imene fayilo irimo, pakuti foda ikagawidwa, ziri m'kati mwace zimatsegukira anthu omwewo. Koma mafunso amene mwana anakopera kale m'foni yace palibe batani lowabweza, motero mphunzitsiyo ayenera kukhala pansi ndi kulemba mafunso ena mayeso asanafike.