Chithokomiro ndi Mwana wa M'mimba

 Ambiri a inu munamva sewero la pa wailesi lija, la mayi amene analeka kumwa mankhwala ake a chithokomiro atangodziwa kuti ali ndi pakati. Apongozi ake anamuuza kuti, "Mwananga, munthu wapakati samwa mankhwala tsiku ndi tsiku, mungapweteke mwana." Apongoziwo ananena mwachikondi, koma pa matenda amenewa malangizo awo anali olakwika. Lero tikambirane chifukwa chake.

Chithokomiro n'chiyani?

Ikani zala zanu pakhosi, pansi pa kholingo. Pamenepo pali kachiwalo kakang'ono kooneka ngati gulugufe. Ambiri timangoti chithokomiro tikaona munthu watupa pakhosi, koma munthu aliyense ali nacho, ndipo chikakhala bwino sichioneka.

Ntchito yake ndi kupanga timadzi tina totchedwa thairokisini, timene timalowa m'magazi. Timadzi timeneti timafanana ndi mpweya umene timapemerera pa moto. Tikakwanira, thupi limafunda, mtima umagunda bwino, m'mimba mumagaya chakudya ndipo mutu umaganiza msanga. Tikachepa, zonse zimazilala ngati moto wa nkhuni zaziwisi.

Kuti chithokomiro chipange timadziti chimafuna ayodini, amene timampeza m'zakudya. Kumadera a mapiri, kutali ndi nyanja ya mchere, mvula inakokolola ayodini m'nthaka kalekale, choncho chimanga ndi ndiwo zolimidwa kumeneko zimakhala naye wochepa. N'chifukwa chake agogo athu kuno ku Rumphi ankaona anthu ambiri otupa pakhosi. Mu 1995 dziko la Malawi linakhazikitsa lamulo loti mchere wogulitsidwa uzikhala wothira ayodini, ndipo vutoli linachepa kwambiri.

Zimene zimasintha mukakhala ndi pakati

Mayi akatenga pathupi, chithokomiro chake chimayamba kugwirira ntchito anthu awiri. Chimayenera kupanga timadzi tochuluka, kuwonjezera pafupifupi theka pa mlingo wa masiku onse. Nthawi yomweyo impso zimataya ayodini wambiri m'mkodzo, ndiponso mwana amatengako gawo lake. Ndiye chifukwa chake Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse limanena kuti munthu wamkulu amafuna mamaikulogalamu 150 a ayodini pa tsiku, koma mayi wapakati kapena woyamwitsa amafuna 250.

Tsono mvetsetsani apa. Ubongo wa mwana umayamba kuumbika m'masabata oyambirira, pamene mimba isanaoneke n'komwe. Ubongowo sungakule bwino popanda thairokisini. Koma chithokomiro cha mwana chimayamba kugwira ntchito cha m'sabata la 12, ndipo sichipanga timadzi tokwanira mpaka cha m'sabata la 18 kapena la 20. Nthawi yonseyi mwana amadalira timadzi ta mayi ake, todutsa m'nsengwa. Ngati mayi alibe tokwanira, mwana alibe kwina kopempha.

Mayi amene chithokomiro chake chili bwino ndipo amadya mchere wa ayodini alibe chodandaula, thupi lake limadziwonjezera lokha. Vuto lili kwa mayi amene chithokomiro chake chinafooka. Chikhoza kufooka chifukwa cha kusowa ayodini, chifukwa choti anachitidwa opaleshoni ya pakhosi, kapena chifukwa asilikali a m'thupi mwake anachiukira n'kuchiwononga pang'onopang'ono.

Kuopsa kwake

Chithokomiro chofooka chikasiyidwa osachizidwa, mayi akhoza kupita padera, kuchepa magazi, kudwala matenda othamanga magazi a amayi apakati, kapena kutaya magazi ambiri pochira. Mwana akhoza kubadwa masiku asanakwane, kubadwa wochepa sikelo, ngakhale kufera m'mimba.

Palinso vuto lina limene silioneka tsiku lobadwa. Kumene ayodini amasowa kwambiri, ana ena amabadwa osamva ndi osalankhula, amapinimbira, ndipo nzeru zawo sizikula. Pamene vuto ndi locheperako, mwana amaoneka wabwinobwino, koma akayamba sukulu amavutika kugwira zimene aphunzitsi akunena. Mu 1999 madokotala a ku Amereka anafalitsa zimene anapeza atayesa nzeru za ana a zaka 7 mpaka 9. Ana a amayi amene chithokomiro chawo chinali chofooka ndipo sanalandire mankhwala ali ndi pakati anatsalira ndi mapointi 7 poyerekeza ndi anzawo. Sikuti mwana aliyense wa mayi wotere amapunduka ayi, koma ubongo ukaphonya nyengo yake youmbika, n'kovuta kubweza.

Mungadziwe bwanji?

Matendawa amabisala, chifukwa zizindikiro zake zimafanana ndi za pathupi pomwe. Mayi wapakati aliyense amatopa, amanenepa ndipo nthawi zina amadzimbidwa. Koma pali zina zoyenera kukudabwitsani: kumva kuzizira anzanu akumva kutentha, monga kufunda bulangete mu Okutobala, khungu louma ndi lokhakhala, tsitsi kuthothoka, mawu kusasa popanda chimfine, nkhope kutupikana m'mawa, kuiwalaiwala ndi kuchita zinthu mochedwa.

Muuzeni namwino pa ulendo woyamba wa sikelo ngati muli ndi chotupa pakhosi, ngati munachitidwapo opaleshoni ya pakhosi, ngati munamwapo mankhwala a chithokomiro, ngati mayi anu kapena mchemwali wanu amadwala matendawa, kapena ngati mwapita padera kangapo. Musabise khosi ndi mpango.

Chotsimikizira ndi kuyeza magazi, kumene pa pepala amalemba kuti TSH. TSH ndi uthenga umene ubongo umatumiza ku chithokomiro kuti chigwire ntchito. Chithokomiro chikamachita ulesi, ubongo umakuwa kwambiri, choncho TSH ikakwera ndiye kuti chithokomiro chafooka. Kuyezaku sikuchitika pa chipatala chaching'ono chilichonse. Akakutumizani ku chipatala cha boma ku Rumphi, kapena kukupititsani ku chipatala chachikulu ku Mzuzu, pitani msanga, musadikire kuti muyambe mwakolola.

Tibwerere kwa mayi wa m'sewero

Mayi uja ankamwa piritsi limodzi la levothairokisini, la mamaikulogalamu 100, m'mawa uliwonse. Mankhwalawa ndi thairokisini yemweyo amene thupi limapanga, ndipo savulaza mwana akamwedwa pa mlingo woyenera. Chovulaza mwana ndi kuwasiya. Iye anawasiya ali ndi masabata 6, ndipo anayamba sikelo mimba ili ndi miyezi isanu. Onani kuti miyezi imene anakhala wopanda mankhwala ndi yomwe ija mwana ankadalira iye yekha.

Nanga akadachita chiyani? Choyamba, akadauza adokotala asanatenge pathupi, kuti amuyeze magazi ndi kukonza mlingo wa mankhwala. Chachiwiri, atangodumpha mwezi akadapita ku chipatala sabata lomwelo. Kumeneko sakadamuchotsera mankhwala, koma akadamuwonjezera. Njira imene madokotala amaitsata kawirikawiri ndi yowonjezera mapiritsi awiri pa sabata. M'malo mwa mapiritsi 7 pa sabata akadamamwa 9: mwachitsanzo awiri Lolemba, awiri Lachinayi, ndi limodzi masiku ena onsewo. Izi mukambirane ndi adokotala, chifukwa mlingo umasiyana munthu ndi munthu, ndipo mankhwala akachuluka amayambitsa mtima kugunda mothamanga ndi manja kunjenjemera.

Chachitatu, akadayezetsa magazi pafupifupi masabata anayi aliwonse mpaka pakati pa nyengo ya mimba, kenaka kamodzi cha m'sabata la 30. Atachira, kawirikawiri mlingo umabwerera pomwe unali kale, ndipo magazi amayezedwanso pakatha masabata 6. Kuyamwitsa kumapitirira popanda vuto.

Pali chinthu china chimene ambiri amalakwitsa. Ku sikelo timakupatsani mapiritsi owonjezera magazi. Mapiritsi amenewa ali ndi ayironi, ndipo ayironi akakumana ndi levothairokisini m'mimba amamugwira, osalola kuti alowe bwino m'magazi. Mayi akhoza kumamwa mankhwala mokhulupirika koma TSH osatsika. Choncho imwani levothairokisini mukangodzuka, ndi madzi okha, ndipo dikirani theka la ola kapena ola lathunthu musanamwe phala kapena tiyi. Piritsi lowonjezera magazi lidikire maola anayi kapena kupitirira. Kulimwa madzulo n'kosavuta kukumbukira. Onse awiri ndi ofunika, musasiye limodzi.

Mayi wa m'sewero anachedwa, koma sanalakwe kubwera. Ngati nanunso munasiya mankhwala, bwerani lero lomwe, palibe amene akukalipireni. Ubongo wa mwana ukukulabe, ndipo sabata lililonse la mankhwala limamuthandiza.

Za mchere ndi chinangwa

Gulani mchere wa m'paketi yolembedwa kuti uli ndi ayodini. Mchere woyeza pa kambale, wopanda paketi, simungadziwe kumene wachokera, ndipo chidulo sichilowa m'malo mwa mchere wa ayodini. Usungeni m'botolo lotseka, pouma, kutali ndi moto ndi dzuwa, chifukwa chinyezi ndi kutentha zimachepetsa ayodini. Musachulukitse mchere m'ndiwo poganiza kuti mukuthandiza mwana. Supuni yaing'ono imodzi pa tsiku ndiwo malire a munthu wamkulu. Mazira ndi mkaka zimathandizanso.

Inu odya kondowole, vikani chinangwa chowawa masiku okwanira mpaka chifewe, ndipo chiume bwino. Chinangwa chosavikika bwino chimasiya poizoni amene amatsekereza ayodini kulowa m'chithokomiro.

Koma dziwani kuti mchere umateteza, suchiza chithokomiro chimene chinawonongeka kale kapena kuchotsedwa. Mayi wotero amafunika mapiritsi. Ndiponso chotupa cha pakhosi musachitemere mphini.

Mwana akabadwa

Nthawi zina mwana amabadwa ndi chithokomiro chofooka ngakhale mayi ake ali bwino. Samalani ndi mwana amene anthu amamuyamikira kuti "ndi wofatsa, salira," pamene amangogona ndipo amayamwa mwaulesi. Ngati chikasu chapitirira masabata awiri, ngati akudzimbidwa, akulira mosasa mawu, lilime likuoneka lalikulu kapena mchombo watupa, thamangirani naye ku chipatala ndipo mutchule za chithokomiro. Mwana wotere akayamba mankhwala m'masabata oyambirira amakula ndi kuphunzira ngati anzake.

Mukafika kunyumba, afotokozereni abambo ndi apongozi zimene mwamva, chifukwa ndiwo adzakuthandizani ndi ndalama ya ulendo wa ku Rumphi. Ndipo inu amene muli ndi chotupa pakhosi kapena munamwapo mankhwalawa, musapite. Tsalani ndi buku lanu la sikelo, tionane mmodzimmodzi.